Wakulemberani kuti "dum dum da dum": njira yopezera nyimbo yake

Ntchito yanga ndi yolowetsa nyimbo m'mamemori ndi m'mafulashi pafupi ndi msika wa ku Ulongwe, ndipo Loweruka ndimakaliza nyimbo pa maukwati. Sabata siyitha ndisanalandire uthenga wa mtundu uwu: "Achimwene, mundiikire nyimbo ija imati ti ti ti ndiii." Wina amabwera ndi foni m'manja kudzandionetsa zomwe amalume ake alemba kuchokera ku Tsangano, akuti ndiwerenge ndimuuze dzina la nyimbo. Ndafotokoza njira yake kambirimbiri pakamwa, ndiye lero ndati ndiilembe kamodzi kuti aliyense azidziwerengera.

Anthu olemba chonchi sindimawaseka. Ambiri ali ndi kafoni ka mabatani kotumiza mameseji okha. Ena foni yabwino ali nayo koma mamega, ndiye kuti data ya intaneti, anatha. Ena ndi manyazi chabe, safuna kuti mawu awo amveke akuimba. Nyimbo ili m'mutu mwawo ndithu, ikulira bwinobwino, ndipo akamalemba "da da dum" iwo amaimva. Inu wolandira simukumva kanthu, chifukwa zilembo zanyamula zinthu ziwiri zokha: kuchuluka kwa kaliridwe, ndi pang'ono za kutalika kwake. Chachitatu, chomwe chimapangitsa nyimbo kukhala nyimbo imeneyo osati ina, ndiko kukwera ndi kutsika kwa mawu, chatsala m'mutu mwa wolembayo. Ntchito yonse ndi kukachitenga kumeneko.

M'malangizo muno liwu loti "noti" ndikutanthauza kaliridwe kamodzi, monga "da" mmodzi kapena "dum" mmodzi. A kwaya amalidziwa kale.

Ndigwiritsa ntchito nkhani ya mlongo wanga wamng'ono wa ku Domwe. Ukwati wake utatsala milungu itatu, anandilembera kuti: "Achimwene, polowa ndikufuna ija ya dum dum da dum, dum dum da dum." Basi, osawonjezera kanthu.

1. Musaimbe, musatchule dzina

Cholakwa chachikulu chimachitika m'mphindi yoyamba. Mwawerenga uthenga, nyimbo ina yake yabwera m'mutu mwanu, mwaimba foni n'kuyamba kung'ung'udza: "Ndi iyi?" Munthu amene akukumbukira nyimbo mwa apo ndi apo, akamva ina yofanana nayo, yakeyo imasungunuka. Amayankha kuti "ee, ngati ndi yomweyo," ndipo kuyambira pamenepo akayesa kuimba yake imatuluka yanu ija. Ine ndinataya nyimbo ya mayi ena a ku Kalomwe mwa njira imeneyi. Ndinawaimbira zongoganiza zitatu motsatizana, ndipo pofika yachitatu anati, "Mwana wanga, tsopano mwandisokoneza, yanga ija yathawa." Anabweranso patapita masiku, nyimbo itabwerera yokha akusenda mbatatesi.

Choncho zomwe mukuganiza zisungeni kaye. Zilembeni papepala ngati mukufuna, koma mwini uthenga asazimve mpaka gawo lomaliza. Uthenga woyambawo musaufufute, chifukwa ndi wokhawo umene analemba musanamusokoneze.

2. Funsani kumene anaimva

Mafunso awa amachotsa nyimbo zambiri kuposa makina aliwonse. Anaimva kuti: m'minibasi zomwe kuno timati chapa, pa baraka, m'tchalitchi, pa maliro, pa wailesi, mufilimu? Liti: mwezi watha, kapena ali mwana? Muli mawu oimba, kapena zoimbira zokha? Ngati muli mawu, anali m'chinenero chanji?

Funso la chinenero kuno kwathu ndi lolemera. Tili pamphambano. Ku Angonia timamva mawailesi a ku Malawi ngati akwathu, ku Chifunde ndi ku Maravia nyimbo za ku Zambia zimalowa tsiku ndi tsiku, ku Changara ndi mumzinda wa Tete sungura ya ku Zimbabwe siyisowa, ndipo kizomba, marabenta ndi pandza zimabwera m'Chipwitikizi kapena m'zinenero za kummwera. Munthu akangoti "amaimba Chishona, gitala akuthamanga," mwadziwa kale mulu woti mufufuzemo. Akati "Chinyungwe," mwadziwa kuti muyang'ane kumunsi, ku Zambezi. Ngakhale liwu limodzi lomwe akulikumbukira, kaya molakwika, lilembeni mmene walitchulira.

Mlongo wanga anayankha kuti anaimva mufilimu, mkwatibwi akulowa m'tchalitchi, munalibe oimba, ndipo choimbira chinali ngati limba ya m'tchalitchi, yoyenda pang'onopang'ono.

3. Dziwani chimene chikulira, kenaka werengani

Funsani mosapita m'mbali: "Dum dum ameneyu ndi ng'oma, ndi besi, kapena ndi chomwe woimba amaimba?" Anthu ambiri amalemba kugunda kwa ng'oma kapena kwa besi, poti ndiko kumagwedeza thupi. Koma kugunda kumodzimodzi kumapezeka m'nyimbo mazanamazana. Akakulemberani kugunda kwa amapiyano, wakuuzani mtundu wa nyimbo, sanakuuzeni nyimbo. Zikatero m'pempheni akumbukire chomwe munthu angaimbe ndi mluzu: mawu a woimba, gitala wotsogolera, kapena lipenga.

Mukatsimikiza kuti ndi nyimbo yeniyeniyo, werengani manoti. Mu uthenga wa mlongo wanga muli 8, m'magulu awiri a 4. Pamene waika mpumiro kapena mpata waukulu, nthawi zambiri ndi pamene amapuma poimba. Kenaka onani kalembedwe. "Da", "ta" ndi "ti" kawirikawiri ndi manoti aafupi. "Dum" ndi wolemera, wokhalitsa. Wowonjezera zilembo, monga "daaa" kapena "ndiii", akukuuzani kuti pamenepo akukoka. Pali chinanso chomwe ndachiona: anthu amakonda kulemba "ti" ndi "di" pa manoti ang'onoang'ono apamwamba, ndi "du" kapena "dum" pa apansi. Chimenechi chingokupatsani poyambira, musachidalire, chifukwa ena amalemba "da" pa chilichonse.

Mubwezereni uthenga mutaulemba ndi zizindikiro ziwiri zokha, kadontho pa noti yaifupi ndi kamzere pa yaitali, iye akonze. Wa mlongo wanga, titakonza, unakhala chonchi:

```
- - . -   - - . -
```

Anawonjezera kuti wachinayi ndi wotalika kuposa onse, ndipo wachitatu amangodumpha ngati munthu wopunthwa pang'ono.

Apa ndikuuzeni chimene chinandichititsa mantha pambuyo pake. Pali nyimbo ziwiri zotchuka za ku Ulaya zomwe manoti ake 4 oyamba amayenda ndi kutalika kumeneku ndendende, ndipo zonse zimamveka m'mafilimu. Ina ndi ya ukwati, ina ndi ya maliro. Ndikanangotenga "dum dum da dum" n'kuika yoyamba kuipeza, ndikanatha kulowetsa mlongo wanga ndi nyimbo yoperekezera bokosi. Kusiyana kwake kuli pa noti yachiwiri, ndipo zilembo sizikuonetsa.

4. Kutulutsa kukwera ndi kutsika kwa mawu

Apa ndi pamene pali ntchito, ndipo ndi pamene anthu ambiri amadumpha n'kuthamangira ku Google.

Vuto loyamba ndi la chinenero chathu chomwe. Mukamuuza munthu kuti "mawu akukwera?" iye amamva za kufuula, poti kukweza mawu kwa ife ndi kulankhula mokuwa, ndipo kukweza wailesi ndi kuwonjezera phokoso. Ndiye amayankha kuti "ee, akukwera" pa noti iliyonse yomwe imagunda mwamphamvu. Musanafunse china chilichonse, gwirizanani tanthauzo. Ine ndimati: "Sindikunena za phokoso. Ndikunena kuchoka ku mawu aakulu a abambo oimba besi kupita ku mawu aang'ono a mwana. Kumeneko ndiye kukwera." Kwa amene akuvutikabe ndimagwiritsa ntchito liwu loti mtengo. Tchulani mtengo wa mango, kenaka mtengo wa chimanga pamsika. Zilembo ndi zimodzimodzi, koma pa mtengo womera uja "te" amakwera, pa wa malonda sakwera. Aliyense wolankhula Chichewa amamva kusiyana kumeneku kuyambira ali wakhanda. Khutu lomwelo ndi lomwe tikulifuna pano.

Njira ina ndi ya chala. Aike chala pakholingo, aimbe pang'onopang'ono. Mawu akamakwera kholingo limasunthira m'mwamba, akamatsika limatsika. Kwa abambo zimaoneka bwino kwambiri.

Tsopano funso ndi limodzi, lobwerezedwa pa noti iliyonse: poyerekeza ndi noti yomwe yangotha kumene, iyi yakwera, yatsika, kapena yabwereza pomwepo? Ndimagwiritsa ntchito zilembo zitatu: K kukwera, T kutsika, B kubwereza. Noti yoyamba ilibe mnzake woiyerekeza naye, ndiye timangoiikira nyenyezi. Njira imeneyi si yanga. Anaifalitsa ndi Denys Parsons wa ku Britain m'chaka cha 1975, ndipo iye amalemba U pa kukwera, D pa kutsika ndi R pa kubwereza. Ubwino wake ndi woti siyifuna munthu wodziwa kuwerenga nyimbo, siyisamala kuti wayambira pamwamba kapena pansi, ndipo imakwana mu meseji ya kafoni ka mabatani.

Musamupatse manoti onse 8 nthawi imodzi. Adzalemba zongopeka kuti athane nanu. Tengani awiriawiri. Ndi mlongo wanga zinayenda motere:

"Imba awiri oyamba okha, dum dum, pang'onopang'ono ngati ukuphunzitsa mwana. Wachiwiri ali pomwepo kapena wasuntha?"

"Wasuntha achimwene. Wakwera, ndipo kwambiri ndithu."

"Wachiwiri ndi wachitatu?"

"Pomwepo."

"Wachitatu ndi wachinayi?"

"Pomwepo basi."

Pamenepa ndinapuma, chifukwa nyimbo ya maliro ija manoti ake 4 oyamba onse amakhala pamalo amodzi, osasuntha, pamene ya mlongo wanga inakwera pa wachiwiri. Yankho limodzi lokhalo linachotsa ngozi.

Gulu lachiwiri linativuta. Poyamba anandilembera kuti likufanana ndi loyamba, poti kutalika kwa manoti ndi kumodzimodzi. Ichi chimachitika pafupipafupi: khutu limamva kugunda kukubwereza, n'kuganiza kuti zonse zabwereza. Ndinamupempha aimbe magulu onse awiri motsatizana, dzanja likukwera ndi kutsika pamodzi ndi mawu, ayang'ane dzanjalo. Patapita mphindi zingapo analemba kuti, "Ayi, lachiwiri likugwedezeka: pansi, pamwamba, pansi, pamwamba pang'ono." Zonse pamodzi zinakhala chonchi, mzere woyamba m'zilembo zathu, wachiwiri m'zilembo za Parsons:

```
*KBBTKTK
*URRDUDU
```

Pali zolakwa zitatu zomwe muziyembekezere. Choyamba, anthu amayerekeza noti iliyonse ndi yoyamba ija, m'malo moyerekeza ndi yomwe yangotha. Akumbutseni nthawi zonse kuti "ndi mnzake wapambuyo pake." Chachiwiri, amaiwala mphambano ya magulu: noti yoyamba ya gulu lachiwiri nayonso iyenera kuyerekezedwa ndi yomaliza ya gulu loyamba. Mu chitsanzo chathu ndi T woyamba uja. Chachitatu, kusuntha kwakung'ono kwambiri amakumva ngati kubwereza. Ngati munthu akuti "pomwepo, koma ngati ayi," lembani zonse ziwiri, mudzayese iliyonse.

Nanga manoti angati ndi okwanira? Masamu ake ndi osavuta. Noti iliyonse yotsatira ili ndi njira zitatu. Manoti 4 amapereka mayendedwe 27 okha, ndiye nyimbo zambirimbiri zimagwera pa amodzimodzi. Manoti 8 amapereka 2187. Choncho musakhutire ndi ochepera 8, ndipo akakwanitsa 12 kapena kuposa, zili bwino kwambiri.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino muwadziwe. Siyinena kuti mawu akwera motani, pang'ono kapena kwambiri. Tengani nyimbo ija timaimba pa tsiku lobadwa, yomwe kuno timati Parabéns. Mzere wake woyamba ndi wachiwiri, mukaulemba m'zilembo izi, yonse imatuluka `*BKTKT`, chonsecho khutu limamva kuti wachiwiri umakwera kuposa woyamba chakumapeto. N'chifukwa chake ndimalembanso pambali mawu monga "kwambiri" kapena "pang'ono" pamene munthu watchula.

Ngati wolembayo ndi wa kwaya yophunzira ndi do re mi, mwapeza njira yachidule. M'pempheni alembe m'manoti amenewo. Mphunzitsi wa kwaya yathu, nditamuonetsa zilembo za mlongo wanga pamodzi ndi madontho ndi mizere ija, anang'ung'udza kawiri n'kunena kuti, "So do do do, so re ti do, so woyambayo ndi wapansi." Zilembo zinasanduka nyimbo yoti munthu n'kuimba.

5. Pezani mawu ake enieni ngati n'kotheka

Mwina mukufunsa kuti bwanji osayamba ndi kumupempha audiyo, uthenga wa mawu uja wa pa WhatsApp. Ngati angathe, m'pempheni msanga ndithu, mukangomaliza mafunso a gawo lachiwiri. Audiyo ya masekondi 15 siyidya mamega ambiri. Ngati ali ndi kafoni ka mabatani, muimbireni inuyo, aimbe inu mukujambula ndi foni ina. Wamanyazi muuzeni alowe m'nyumba yekha, kapena aimbe mluzu.

Koma gawo lachinayi silitayika ngakhale audiyo itabwera. Anthu ambiri akamaimba okha amaphwanya manoti: pokwera kwambiri amakwera pang'ono, pothamanga amadumpha ena. Mukakhala ndi zilembo zija pambali, mumadziwa chimene amafuna kuimba, ndipo mutha kuimbanso inuyo mokonza. Mlongo wanga anali kumunda kumene netiweki imabwera ndi kupita, ndiye tinathera pa mameseji okha.

6. Kufufuza ndi foni

Musalembe "dum dum da dum" mu Google n'kuyembekeza yankho. Makinawo amafufuza zilembo, ndiye adzakubweretserani nyimbo zomwe m'dzina kapena m'mawu ake muli "dum" ndi "da". Zimathandiza pokhapokha ngati woimbayo amatchuladi mawu amenewo m'nyimbomo, ndipo ndi funso loyenera kulifunsa.

Musatsegulenso Shazam kuti muiimbire. Shazam imazindikira nyimbo yojambulidwa yeniyeniyo ikamalira pa sipika, siyizindikira munthu wong'ung'udza. Anthu ambiri amataya mamega pamenepa.

Chomwe chimamva kung'ung'udza ndi pulogalamu ya Google ya pafoni, kuyambira mu Okutobala 2020. Tsegulani, dinani kachithunzi ka maikolofoni, kenaka batani lofufuzira nyimbo, lomwe pa foni ya Chingerezi limalembedwa `Search a song`. Imbani, ng'ung'udzani kapena lizani mluzu kwa masekondi 10 mpaka 15. Imabweretsa nyimbo zingapo, iliyonse ndi nambala yosonyeza mmene ikufananira. SoundHound nayonso imalandira mawu a munthu. Sizifuna mawu okoma, ndipo zilibe kanthu kuti mwayambira pamwamba kapena pansi. Zimafuna kuti kukwera, kutsika ndi liwiro zikhale zoona.

Chokani pamsika pochita zimenezi. Pa benchi yanga pamakhala masipika atatu a anzanga akulira nthawi imodzi, ndipo foni imatola zimenezo m'malo mwa mawu anga. Ndimapita kuseri kwa nyumba. Ngati manoti muli nawo ndi ochepa, abwerezeni kawiri kapena katatu mpaka masekondi akwane, osawonjezera zanuzanu. Yesani katatu, kamodzi mofulumira, kamodzi modekha. Dzina lomwe likubwera maulendo onse ndi loyenera kulimvetsera, ngakhale nambala yake itakhala yotsika. Ngati muli ndi audiyo, ilizeni pa foni ina pafupi ndi yofufuzirayo.

Zilembo za U, D ndi R zija zili ndi kwawo: tsamba la Musipedia linapangidwa kuti lizifufuza nazo. Koma nyimbo zake zambiri ndi za ku Ulaya ndi ku Amereka, ndiye limathandiza pa nyimbo za mtundu wa mlongo wangayu, osati za kwathu.

Nditang'ung'udza so do do do, so re ti do, dzina lomwe linabwera linali la Richard Wagner: nyimbo ya mkwatibwi yochokera mu sewero lake loimba lotchedwa Lohengrin, lomwe linaonetsedwa koyamba mu 1850. Ya maliro ija ndi ya Chopin, yochokera mu sonata yake yachiwiri ya piyano. Palinso msampha wina: mukalemba `marcha nupcial` pa YouTube, zimabwera nyimbo ziwiri zosiyana, ya Wagner ndi ya Mendelssohn ya 1842, yomwe imayamba ndi malipenga othamanga. Kuti mupeze yathuyi lembani chonchi:

```
marcha nupcial Wagner
```

7. Nyimbo ikakhala ya kwathu

Ndinene zoona: pa mauthenga omwe ndimalandira, ambiri foni siyiwadziwa. Makina amangodziwa nyimbo zomwe zinalowetsedwa m'nkhokwe zawo. Nyimbo ya kwaya ya mpingo wa kumudzi yomwe inajambulidwa kamodzi n'kumayenda pa Bluetooth, ya mnyamata wa ku Furankungo yomwe inalira miyezi iwiri m'machapa, ya chintali, ya ngoma ya Angoni, ya pa dambwe, zimenezi mulibemo. Choipa n'chakuti foni siyinena kuti "sindikudziwa." Imakupatsani nyimbo ya ku India kapena ya ku Brazil yomwe yayandikira. Mukaona mayina akusinthasintha ulendo uliwonse, ndipo palibe logwirizana ndi chinenero chomwe munauzidwa, siyani, musathe mamega.

Apa mayankho a gawo lachiwiri ndi amene amakulozerani khomo loti mugogode. Ya m'tchalitchi, pitani kwa mphunzitsi wa kwaya wa mpingo womwewo, chifukwa nyimbo za Akatolika ndi za a Reformada zili m'mabuku osiyana, ngakhale zina zimadutsa malire. Dziwaninso kuti nyimbo imodzi ya m'buku imatha kukhala ndi maimbidwe awiri, ndipo maimbidwe amodzi amatha kunyamula mawu a nyimbo zingapo. Ya m'chapa, funsani makondakitala a msewu umenewo, chifukwa fulashi imodzi imalira miyezi yambiri. Ya pa wailesi, kumbukirani tsiku ndi ola, mufunse woulutsa pulogalamuyo. Ya pa maliro kapena pa chinkhoswe, amayi otsogolera nyimbo m'mudzimo amaidziwa musanamalize mzere woyamba. Ya Gule Wamkulu, funsani mwaulemu kwa akuluakulu ake, ndipo akakuuzani kuti imeneyo si yofunsa, lekani pomwepo.

Kwa anthu amenewa musapite ndi foni kukawaonetsa "ti ti ndiii." Pitani mutaiphunzira, muwaimbire. Pa nyimbo zathu zambiri pali wotsogolera ndi ovomera, ndipo chomwe anthu amakumbukira kawirikawiri ndi chovomera, poti ndicho chimabwerezedwa. Nenani zimenezo poyamba: "Amayi, ndili ndi povomera pokha, poyambira sindikupadziwa." Mudzaona iwo akuyamba okha mzere wa wotsogolera.

Pa nyimbo za m'Chichewa, mawu awiri kapena atatu oona amaposa manoti 20. Choncho ngakhale mutafika pano, bwererani kwa mwini uthenga mufunsenso ngati palibe liwu lomwe labwerera. Nthawi zambiri akagona n'kudzuka, limabwera.

8. Kutsimikiza

Mwapeza dzina, koma musamutumizire ndi funso loti "ndi iyi eti?" Munthu wotopa ndi kufufuza, kapena wokulemekezani, amavomera. Chitani ziwiri. Choyamba, mvetserani nokha muli ndi pepala lija m'manja: manoti akukwana? K, T ndi B akugwa pamalo pake? Kulakwika kumodzi n'kovomerezeka, kuwiri kapena kutatu ndiye kuti si imeneyo. Kumbukirani kuti chomwe anakulemberani chingakhale pakati pa nyimbo, osati poyamba, ndiye mvetserani yonse.

Chachiwiri, mulizireni tizidutswa tiwiri kapena titatu popanda kutchula mayina, yanu yoganizira ikhale pakati, asankhe yekha. Ndipo muimitse pakati pa mzere, muone ngati apitiriza. Woidziwa nyimbo sadikira kufunsidwa, pakamwa pamangopitiriza pokha.

Mlongo wanga atapeza netiweki madzulo, ndinamuimbira foni n'kuika sipika pafupi. Ndinayamba ndi ya Mendelssohn. Anati, "Imeneyonso ndinaimvapo, koma si imeneyo." Nditaika ya Wagner, ndinaimitsa patangotha manoti 8 aja, ndipo iye anapitiriza mzere wachitatu yekha, akuseka, ana akufuula kumbuyo kwake. Ndinamuuza kuti akafunse kaye kwa akulu a mpingo, chifukwa mipingo ina siyilola nyimbo imeneyi m'tchalitchi poti ndi ya m'sewero, si ya mapemphero. Kwawo anati m'tchalitchi muimbe kwaya. Tinailiza masana, polowa pabwalo la madyerero, ndipo ndinaibwereza kawiri chifukwa mzere wa operekeza unali wautali kuposa nyimboyo.